Webusaiti ya shopu: makiyi asunge ndani?

"Ndili ndi shopu ya zitenje ndi nsapato pa boma la Ntcheu, ndipo maoda ayamba kuchokera ku Lizulu ndi ku Balaka. Ndasunga K600,000 ya webusaiti. Kodi nditenge Wix kapena Shopify, WordPress, kapena mwana wa mlongo wanga, yemwe anaphunzira za makompyuta, andilembere yangayanga? Iyeyo akuti sandilipiritsa."

Bambo, mawu akuti "sandilipiritsa" ndi amene andidetsa nkhawa. Webusaiti yolembedwa ndi munthu mmodzi kuyambira pachiyambi amaidziwa bwino ndi woilembayo yekha, ndipo tsiku limene mnyamatayo adzapeze ntchito ku Lilongwe, batani lolipirira likadzasiya kugwira, katswiri wina adzakuuzani kuti n'kwapafupi kuyambiranso kusiyana ndi kukonza khodi ya mnzake. Komanso m'bale amene simunamulipire simungamukalipire akachedwetsa ntchito, chifukwa nkhaniyo ikathera kwa mlongo wanu. Njira imeneyi isiyeni.

Wix ndi Shopify, zomwe zimakubwereketsani webusaiti yopangiratu, n'zosavuta, koma zimalipiridwa m'madola kudzera pa khadi ya kubanki. Tiyerekeze kuti ndi madola 30 pamwezi, kutanthauza madola 360 pachaka. Kwacha itatsitsidwa mphamvu mu 2023, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndiye kuti bilu yomweyo inakwera kuchoka cha m'ma K425,000 kufika cha m'ma K612,000, inu musanagulitse chitenje chowonjezera n'chimodzi chomwe. Khadi ikakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, shopuyo imatsekedwa, ndipo webusaiti ya Wix simungaisamutsire kwina.

Ine ndingatenge WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, pamodzi ndi WooCommerce, pulogalamu yowonjezera imene imasandutsa webusaitiyo kukhala shopu. Zonsezi n'zaulere, akatswiri ozidziwa ndi ambiri, ndipo zingathe kulumikizidwa ku Airtel Money ndi TNM Mpamba kudzera m'makampani a m'dziko muno olandirira anthu malipiro. Mumalipira dzina la webusaiti ndi malo oisungira, ndipo muyenera kufunafuna kampani yosunga mawebusaiti imene imalandira makwacha. Vuto lake ndi lakuti mapulagini, omwe ndi mapulogalamu owonjezera monga WooCommerce, akapanda kusinthidwa pafupipafupi akuba amalowerapo, choncho theka la ndalama zanu musaligwiritse ntchito pomanga, likhale lolipirira chaka chachiwiri ndi wokonza.

Mwana wa mlongo wanuyo mulembeni ganyu yoika WordPress, mumulipire, asaine. Koma dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo mukhale ndi akaunti yanuyanu ya `Administrator`, yomwe imakhala ndi mphamvu zonse pa webusaitiyo. Mukalowa n'kupeza kuti `Plugins` ndi `Settings` sizikuoneka, dziwani kuti makiyi ali kwa wina.

Ndikukayikanso ngati buku lanu la katundu lili bwino, pakuti ambiri ondilembera makalata otere alibe. WooCommerce imachotsera yokha zogulidwa pa intaneti, koma nsapato imene mwagulitsa pakauntala, kapena imene alamu anu atenga pangongole, siidziwa. Wa ku Balaka adzalipira nsapato ya saizi 42 imene inapita kale, inu n'kuyamba kubweza ndalama. Yambani ndi mitundu 30 yokha ya katundu woyenda msanga, ndipo madzulo aliwonse musanatseke muziyerekeza manambala a pa webusaiti ndi zimene zatsala pashelefu.