Kudzaza mpata wa "if" pa mayeso a Chingerezi

*"Ndili Fomu 4, MSCE yayandikira. Ziganizo za if zikundizunguza mutu. Zero, first, second ndi third ndinaloweza, koma akandipatsa mpata woti ndiikepo mneni ndimangolotera. Ndithandizeni."*

Achemwali, pa funso lotere yankho amakhala atakupatsani kale, kungoti lili kutsidya kwa chizindikiro cha koma. Musanakhudze mpatawo, werengani mbali yomwe ilibe if, muone mneni wake. Ndiye amalamula.

Tiyeni tigwire chiganizo chimodzi tichitembenuze kanayi. Mneni woti tiike ndi wake.

If Chikondi ____ early, she catches the bus. Apa pali catches yekha, palibe will kapena would. Ndi zomwe zimachitika nthawi zonse: akadzuka m'mamawa, basi amaipeza. Iyi ndi zero, yankho wakes. Tikasintha n'kulemba she will catch the bus, tikunena za mawa, zomwe zingathedi kuchitika. Iyi ndi first, koma yankho ndi lomwelo, wakes. Choncho pa mbali ya if mitundu iwiriyi musavutike nayo kuisiyanitsa. Chenjerani ndi ziwiri zokha: ka s ka kumapeto, poti Chikondi ndi munthu mmodzi, ndi will. Ife timati "akadzadzuka m'mamawa", ka -dza- kali momwemo, ndiye dzanja limathamangira kulemba if she will wake. Pa mafunso awa will amakhala mbali inayo basi.

Tsopano she would catch the bus, iyi ndi second. Mukaona would wotsatana ndi mneni wosasintha, mpata ukufuna mneni wa kale, woke. Apa m'pomwe ambiri amasokonekera, chifukwa woke akuoneka ngati wa dzulo pomwe nkhani si ya dzulo. Ndi ya lero kapena mawa, koma yongoyerekeza: atati adzuke m'mamawa angaipeze, koma timamudziwa Chikondi ndi tulo take. Mneni akakhala be, lembani were ngakhale ndi I, he kapena she: If I were you, I would leave now. Pocheza anthu amanena was, koma pa pepala la mayeso were ndiye wosakayikitsa.

Third ndiye imadya malikisi. She would have caught the bus. Basi inapita kalekale, tikungodandaula. Mpata ukufuna had pamodzi ndi mneni wa mundandanda wachitatu uja wa wake, woke, woken. Yankho had woken, osati had woke. Ambiri lamulo amalidziwa, chimawagwetsa ndi mndandanda umenewu: had went, had wrote, had took. Muubwereze, gone, written, taken.

Palinso msampha wina umene umachokera ku Chichewa chathu chomwechi. Timati "akadadzuka m'mamawa, akadaipeza basi". Mwaona -kada- ali uku ali uku? Mwana akaganiza motero amaika would have mbali zonse ziwiri, if she would have woken. Ndakhala ndikuchonga cholakwa chimenechi chaka ndi chaka, ngakhale kwa ana anzeru. Pa mayeso mbali ya if imatenga had, would have n'kukhala mbali inayo. Komanso musamati paliponse pamene Chichewa chati -kada- ndiye kuti ndi third. "Ndikadakhala mbalame bwenzi ndikuuluka" ndi zongoyerekeza za lero, Chingerezi chake If I were a bird, I would fly. N'chifukwa chake ndikuti muziyang'ana mneni yemwe mwapatsidwa, osati kumasulira m'mutu.

Pena salemba would. Could ndi might amagwira ntchito yomweyo: could catch ndi second, could have caught ndi third. Can, may kapena chiganizo cholamula, monga If she comes, call me, zimayendera ya first. Ndipo if akabwera pakati, She would have passed if she had studied, palibe chasintha, chachoka ndi chizindikiro cha koma chokha.

Mneni woti muike akakhala have pa third, musaope kulemba had kawiri. If I had had money, I would have paid ndi cholondola, ngakhale chimaoneka ngati chibwibwi.

Njirayi ili ndi pomwe imalephera. Onani ichi: If she ____ medicine, she would be a doctor now, mneni study. Would be akukukokerani ku studied, koma now uja akusonyeza kuti zotsatira ndi za lero pomwe kuphunzirako kukadachitika kale. Yankho had studied. Zosakanizazi sizibwera kawirikawiri, koma mukaona now kapena today pafupi ndi would, imani kaye mudzifunse kuti zomwe zili mbali ya if zikadachitika liti.

Yesani izi mundiyankhe, ndichonga madzulo ano. If it ____ tomorrow, we will plant maize, mneni rain. If he ____ the letter, she would have replied, mneni write. If I ____ a bicycle, I could reach school early, mneni have.