Tinafufuta dzina la wojambula pachithunzi, tsopano akufuna ndalama

"Ndili ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Mphwanga anapeza pa intaneti chithunzi chokongola cha mabwato a asodzi dzuwa likulowa, n'kufufuta dzina limene linali pakati pake. Tinachiika pa Facebook ndi pa timapepala 300 totsatsira malonda. Wojambulayo watilembera kalata. Kodi ndalakwa chiyani, poti chinali poyera?"

Mayi, musanyalanyaze kalatayo. Nkhani ngati iyi imatha bwino ikagwiridwa msanga.

Malinga ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, chithunzi chimakhala ndi mwini kuyambira pamene chajambulidwa. Wojambula safunikira kukachilembetsa kulikonse, ndipo kuchiika pa intaneti sikumulanda umwiniwo. Chimanga chosomekedwa m'mbali mwa msewu aliyense amachiona, koma sachitenga osalipira. Kukopera chithunzicho ndi kuchisindikiza popanda chilolezo kunali kale kulakwa, ngakhale chikanakhala chopanda dzina.

Kufufuta wotamaki, dzina kapena chidindo chimene wojambula amaika pachithunzi, ndi kulakwa kwachiwiri pakokha. Chidindocho chimagwira ntchito ziwiri: chimauza anthu mwini wake, komanso chimatchinga kuti chithunzi cha chitsanzo chisagwiritsidwe ntchito chisanagulidwe. Wojambula ali ndi ufulu wotchulidwa pa ntchito yake, ndipo ufuluwo mwaupondereza. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ngati loya ndi ichi: munthu amene wafufuta dzina sangauze khoti kuti sankadziwa kuti chithunzicho chili ndi mwini. Analiona, analiwerenga, n'kulichotsa. Ndipo sizibisika. Wojambula amakhala ndi fayilo yoyambirira yochokera m'kamera, yosonyeza tsiku ndi nthawi, pamene chanu chikakulitsidwa chimaonetsa mabanga pamadzi paja panali zilembo.

Kunena kuti anachita ndi mphwanu sikukupulumutsani, chifukwa bizinesi imene inafalitsa ndi yanu. Wojambulayo angathe kupita kukhoti kukapempha chiletso, chipukutamisozi, komanso kuti timapepala totsala tilandidwe kapena kuwonongedwa. Lamuloli lilinso ndi zilango za milandu yaupandu kwa ophwanya mwadala.

Lero lomwe, chotsani chithunzicho pa Facebook ndipo lekani kugawa timapepalato. Musatitenthe. Tiwerengeni, mulembe kuti tatsala tingati, musunge lisiti ya kosindikiza ndi tsiku limene munaika chithunzicho. Ngati mwa 300 munagawa 80 yokha, nambala imeneyo idzakuthandizani pokambirana za malipiro. Kenako muyankheni mwaulemu, mwachidule, kuti mwalandira kalata, mwachichotsa, ndipo mukufuna kukambirana. Ngati kalatayo yachokera kwa loya wake, kapena ndalama imene watchula ndi yaikulu, onetsani kaye yankho lanu kwa loya musanatumize.

Pokambiranapo pali zinthu ziwiri zosiyana, musazisakanize: malipiro a zimene zachitika kale, ndi laisensi ya kutsogolo. Pa choyambacho, pepala la mgwirizano linene poyera kuti ndalamazo zatseka nkhani yonse. Pa laisensi, ndimaumirira kuti ilembedwe ndi kusainidwa, chifukwa mawu apafoni amaiwalika. Inene chithunzi chake ndi chiti, muzichigwiritsa ntchito pati (Facebook, timapepala, chikwangwani cha pamsewu), kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati mukuloledwa kuchidula kapena kulembapo mawu. Inenenso ngati dzina lake lizioneka pansi. Funsani ngati angathe kuchigulitsanso kwa ena, poti mungadzapeze chithunzi chomwecho pa kapepala ka loji yoyandikana nanu; kuti chikhale chanu chokha, mtengo umakwera. Dziwani kuti laisensi ndi chilolezo chabe, umwini umatsala kwa iye pokhapokha atakugulitsani molemba. Mukalipira, adzakutumizirani fayilo yoyera, yaikulu, yosindikizika bwino kuposa ija munakopera. Sungani lisiti pamodzi ndi mgwirizanowo.

Tsiku lina mukakumana ndi chithunzi chimene mwachikonda, werengani wotamakiyo, ndi adiresi ya mwini wake. Ngati palembedwa Shutterstock, Alamy kapena Getty Images, makampani ogulitsa zithunzi pa intaneti, pamakhalanso nambala ya chithunzi. Ilembeni pa tsamba lawo, musankhe laisensi, mulipire ndi khadi, mutsitse chopanda chidindo. Samalani ndi zolembedwa kuti `Editorial use only`: zimenezo ndi za nkhani za m'nyuzipepala, osati zotsatsira malonda ngati anu. Dzina likakhala losawerengeka, Google Lens kapena TinEye imathandiza kupeza kumene chinachokera, ndipo ngati wojambulayo ndi Mmalawi mungafunsenso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, ku Lilongwe. Mwini akapanda kupezeka, chisiyeni. Lembani ganyu wojambula wa konko ku Mangochi ajambule gombe lanu lenileni, ndipo mugwirizane molemba za umwini asanatulutse kamera m'chikwama.