Mawu oti mulembe posecha ntchito za m'mabungwe

"Abale ndithandizeni, ndili ndi dipuloma ya Community Development koma ndikasecha pa intaneti ntchito za ku Mangochi kuno sindikupeza kalikonse, mwezi wachitatu uno bandulo kumangothera pomwepo. Kodi ntchitozi kulibe kapena ndikulakwitsa penapake?"

Achemwali, ndikuganiza kuti vuto lagona pa mawu amene mukulemba mu kabokosi kosechera kaja. Inuyo mukulemba dzina la kosi imene munapanga, pomwe mabungwe akamatulutsa adiveti salemba dzina la kosi pamwamba ayi, amalemba dzina la udindo mmene iwowo amautchulira ku ofesi kwawo, ndiye kosi yanuyo imakabisala pansi penipeni pa Qualifications paja. Masamba ena amasecha mutu wa adiveti wokha, ndiye mukalemba Community Development zotsatira zimabwera zochepa kapena osabwera nkomwe, chonsecho ntchito yoti mukanaikwanitsa ili pomwepo ndi dzina lina.

Ntchito yomweyomweyo, yoyenda m'midzi pa njinga yamoto, kukumana ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko, kuphunzitsa magulu ndi kulemba malipoti, ili ndi mayina ambiri zedi. Ena amati Field Officer, ena Field Facilitator, ena Community Facilitator, ena Project Assistant kapena Project Officer, ena Community Mobiliser. A World Vision amakonda kunena kuti Development Facilitator. Ku boma ndi Community Development Assistant, ija timangoti CDA, ndipo pali inzake Social Welfare Assistant. Onani kuti pa mayina onsewa ndi limodzi lokha limene muli mawu awiri amene inu mwakhala mukulemba aja. Izi sizili kwa inu nokha, taonani a zaumoyo: m'mudzi tonse timati HSA koma ma adiveti ena a boma amalemba Disease Control and Surveillance Assistant, munthu wosecha HSA angoona ngati sakulemba anthu.

Musadalire mayina ndatchulawa okha, pangani anuanu. Mwana wa achimwene anga wa ku Namwera anali ndi vuto ngati lanuli, ndiye tinakhala pansi Loweruka lina ndi kope la sukulu, tinatolera ma adiveti akale okwana 20, ena a mu Nation ndi Daily Times, ena a m'magulupu a WhatsApp, ngakhale oti anatseka kalekale zilibe kanthu chifukwa sitimafuna kuapulaya, timafuna kumva chilankhulo chawo. Lamulo linali limodzi: adiveti ilowe mu kope pokhapokha ngati pa Qualifications atchula dipuloma ngati yakeyo ndipo ntchito zimene alembazo angazigwiredi. Pa iliyonse timalemba dzina la udindo ndendende mmene alembera, ndi mawu amene akubwerezabwereza mkatimo. Titawerengera, dzina la Field Officer ndi la Facilitator ndi amene anachuluka, ndipo mawu oti VSLA amangotulukira paliponse. Mtsikanayo ankadziwa bwino za banki mkhonde, anayendetsapo magulu anayi pa atachimenti, koma sankadziwa kuti pa pepala mabungwe amaitchula VSLA kapena VSL, ndiye sanasechepo mawu amenewo ngakhale kamodzi, ndipo mu CV mwake munalibemo. Zinandikhudza kwambiri, luso analinalo koma amalitchula ndi dzina loti olemba ntchito sakulisaka.

Ndiye mukhale ndi mitundu iwiri ya mawu, dzina la udindo ndi dzina la gawo. Gawo ndi monga WASH ngati munagwirapo za mijigo ndi zimbudzi, Nutrition kapena Care Group, Child Protection, Livelihoods, SRHR, ndipo kunyanja kuno musaiwale Fisheries ndi BVC, makomiti a m'madoko aja. Kuphatikiza ziwirizi kumathandiza chifukwa Field Officer payekha ndi dzina lotakata kwambiri, makampani obwereketsa ndalama amalitchulanso choncho munthu wotolera ngongole, a mbewu ndi fodya chimodzimodzi. Mukaona zotsatira zadzaza ndi za ngongole musadabwe, ingowonjezerani mawu a gawo lanu. Ndipo mupewe kulemba Development Officer payekha, akubweretserani Business Development zomwe ndi zamalonda.

Pa Google ndi pa LinkedIn mutha kumanga mayina angapo pamodzi, chonchi:

```
("Field Officer" OR "Field Facilitator" OR "Community Facilitator") VSLA Malawi
```

Timakoteshoni ito timauza makina kuti mawu awiriwo akhale motsatizana, ndipo OR alembedwe ndi zilembo zazikulu, apo ayi amamutenga ngati mawu wamba. Koma timasamba ta ntchito tating'onoting'ono ta konkuno tambiri sitimva zimenezi, mukaika chiganizo chonsecho tikuyankhani kuti palibe chapezeka. Pamenepo lembani dzina limodzi limodzi, lalifupi, monga Facilitator basi. Samalaninso ndi masipelo, wina alemba Mobiliser wina Mobilizer, wina Programme wina Program, ndiye yesani onse awiri, kapena lembani chiduswa chabe ngati mobili, pamasamba ena chimakoka onse.

Tsopano nkhani ya Mangochi, apa mpomwe ambiri timadzitsekera tokha chitseko. Mabungwe ambiri likulu lawo lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo woika adiveti pa intaneti amasankha malo a likulu, kenako mkatikati mwa adiveti ndi momwe mumapeza kuti Tenable in Mangochi kapena Duty Station, nthawi zina atchula maboma atatu pamodzi, Mangochi, Machinga ndi Balaka, nthawi zina angoti Southern Region kapena Eastern Region, ena atchula Monkey Bay, Makanjira kapena Namwera osatchula boma. Ndiye pa kabokosi ka malo paja ikani Malawi, osati Mangochi, mutsegule adiveti iliyonse yooneka bwino muwerenge nokha komwe ntchito ikagwiridwire. Zimadya nthawi pang'ono koma ntchito za gawo lanu zotuluka pa sabata si zambiri moti mungatope nazo.

Mudziwa bwanji kuti mawu anu akugwira? Yang'anani zotsatira 10 zoyambirira muwerenge kuti ndi zingati zimene mungaapulaye lero ndi mapepala muli nawowa. Zikakhala kuti zonse zikufuna digiri ndi zaka zisanu, ndiye kuti mwakwera kwambiri, chotsani Coordinator ndi Manager mutsikire pa Assistant, Facilitator, ngakhale Intern. Officer ali pakati, bungwe lina amalandira dipuloma lina amafuna digiri, ndiye musamuthawe komanso musamukhulupirire musanawerenge. Zikakhala za gawo lina, wonjezerani mawu amodzi. Zikapanda kubwera nkomwe, chotsani mawu amodzi, kawirikawiri mwachulutsa. Ndipo musanyoze Enumerator, Data Collector ndi Research Assistant, ndi za masabata kapena miyezi yochepa inde, koma kuno kafukufuku amachitika pafupipafupi ndipo ngati mumayankhula Chiyao lembaninso Yao kapena Chiyao posecha, ma adiveti ena amachita kulemba kuti akufuna wodziwa chilankhulochi.

Pali malire ake, ndisakunamizeni. Ma adiveti ambiri a m'magulupu amabwera ngati chithunzi, ndipo pa mawu a pa chithunzi kusecha kwa WhatsApp sikudalirika nkomwe, muyenera kumayang'ana ndi maso. Za boma ndi za khonsolo zimatuluka m'nyuzi ndi pa bolodi, ndiye mukafika pa Boma muzidutsa kwa DC kukaona zomwe amata.

Mukamaliza kope lija mubwerere ku CV yanu. Musasinthe dzina la udindo umene munagwira, ngati munali volontiya lembani choncho chifukwa amaimba foni kufunsa. Koma pofotokoza zimene munkachita gwiritsani ntchito mawu awo aja, ngati munkayendetsa banki mkhonde lembani VSLA ndi nambala ya magulu ake. Tandiuzani pansipa kuti atachimenti munakapanga za chani ndipo munkachita chani tsiku ndi tsiku, ndikuthandizani kusankha mayina atatu kapena anayi oti muyambire.