Kupempha umboni kwa kasitomala popanda kumulemetsa

"Ndimasoka zovala za chinkhoswe ndi za ukwati ku Ndirande. Makasitomala amandiyamikira pakamwa, koma ndikawapempha kuti andilembere mawu oti ndiike pa Facebook amangoti 'ndilemba', kenako zii. Ndizitani?"

Mayi, munthu amene mwamuuza kuti "mundilembereko kenakake" sadziwa poyambira, ndipo ambiri amaopa kuti alakwitsa kalembedwe n'kuchita manyazi pagulu. Choncho m'malo momupempha kuti alembe umboni, mufunseni mafunso 3 afupiafupi amene angawayankhe ali m'minibasi, ndipo ntchito yolumikiza mayankhowo ikhale yanu.

Nthawi yabwino ndi patangotha tsiku limodzi kapena awiri chichitikireni chinkhoswe, pamene zithunzi zikuyendayenda pa WhatsApp ndipo abale akufunsabe za telala wake. Tsiku lodzatenga zovala n'losayenera chifukwa sanazivale pagulu, ndipo ngati ali ndi ngongole yotsala, dikirani amalize kulipira, kuopa kuti pempho lanu lingamveke ngati njira yomukumbutsira ndalama.

Uthenga wake ungakhale wotere: "Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi zovala za mwana wanu. Ndikupempha mundiyankheko mafunso awa, chiganizo chimodzi pa funso lililonse: Musanabwere kwa ine, nkhawa yanu inali yotani? Ndinakusokerani chiyani, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji? Anthu anati chiyani pa tsikulo? Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu mutumize."

Funso loyambalo ndi limene ndimalilemekeza kwambiri. Mawu akuti "amasoka bwino" angalembedwe ndi mlongo wanu, ndipo owerenga amadziwa zimenezo. Koma mayi akanena kuti, "Ndinkaopa kuti madiresi 8 a anamwali sadzatha pa nthawi yake popeza nsalu tinagula mochedwa, koma tinawalandira kutatsala masiku 4, ndipo imodzi imene inathina m'chiuno anaikonza tsiku lomwelo," wayankha nkhawa yeniyeni ya aliyense amene telala anamukhumudwitsapo. Diresi yothinayo musaichotsemo, chifukwa ikusonyeza mmene mumachitira zinthu zikalakwika.

Mukalandira mawu ojambulidwa, alembeni m'ziganizo 2 kapena 3 monga anayankhulira mwiniwake, osawonjezera chitamando chimene sananene ndiponso osawatembenuzira m'Chingerezi chapamwamba chimene anzake angazindikire kuti si chake. Kenako mutumizireni kuti awerenge, ndipo mufunse mwachindunji ngati akulola kuti muike dzina lake lonse, dzina loyamba ndi dera lokha, kapena osatchula dzina n'komwe. Chilolezo cha chithunzi chipempheni padera, pakuti m'chithunzi cha chinkhoswe mumakhalanso anthu ena amene sanafunsidwe, ndipo yankho lake lisungeni m'foni.

Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi pakatha sabata, ndipo akakhalabe chete musiyeni mwaulemu, popeza kasitomala wokakamizidwa amayamba kupewa foni yanu ngakhale akafuna kusoketsanso.