Wotsika mtengo si amene amapambana nthawi zonse

"Amayi, ndapeza anthu atatu oti ndizioda nsapato kwa iwo kunja. Aliyense akuti katundu wake ndiye wabwino. Ndisankha bwanji?"

Achemwali, tengani kope mujambule tebulo. Aliyense mumupatse malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa zinthu zinayi: mtengo, ubwino wa katundu, kukhulupirika ndi kufika kwa katundu pa nthawi. Koma zinayizi sizilemera mofanana. Ine pa nsapato ndimachulukitsa malikisi a mtengo ndi a ubwino ndi 3, enawo ndi 2, ndiye wokhoza zonse amapeza 50. Kulemeraku mukhazikitse musanayambe kupereka malikisi, apo ayi mtima umakokera kwa amene anakulankhulani mokoma.

Tiyerekeze kuti zatuluka chonchi:

| | Mtengo ×3 | Ubwino ×3 | Kukhulupirika ×2 | Kufika ×2 | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| Woyamba | 5 | 2 | 3 | 2 | 31 |
| Wachiwiri | 3 | 4 | 5 | 4 | 39 |
| Wachitatu | 2 | 5 | 4 | 3 | 35 |

Pa mtengo m'pamene ambiri amaphonya. Musalembe umene wakuuzani pa foni, lembani wa peyala imodzi itafika m'manja mwanu, mutaphatikiza thiransipoti, msonkho wa pa boda ndi zimene zimadyeka posintha ndalama. Tinene kuti kwa woyamba peyala ikufika pa 100, kwa wachiwiri pa 115. Woyamba akuoneka wabwino. Tsono mwaoda mapeyala 100 kwa aliyense, ndipo kwa woyamba 15 abwera omatuka kapena osiyana saizi, kwa wachiwiri 2 okha. Gawani 10,000 imene mwawonongera kwa woyamba ndi mapeyala 85 abwino, mupeza pafupifupi 118 pa peyala. Gawani 11,500 ya wachiwiri ndi 98, mupeza pafupifupi 117. Kutchipa kuja kwathera pomwepo, nsapato zomatukazo zadya zonse, ndipo tebulo linaonetsa kale zimenezi pomupatsa 2 pa ubwino.

Malikisi asachokere m'mutu. Odani pang'ono kaye kwa aliyense, chifukwa sampulo imasankhidwa yokongola, pomwe katoni yathunthu ndiyo imanena zoona. Kukhulupirika ndi kufika pa nthawi musazisokoneze. Kukhulupirika n'kwakuti watumiza zimene munagwirizana, chiwerengero chakwana, mtengo sunasinthe mutalipira, lisiti likugwirizana ndi za m'katoni, ndipo zowonongeka amabweza. Za lisitizo ndimaziikira mtima kwambiri, pakuti likasiyana ndi katundu, amene amavutika pa boda ndinu, osati iye. Kufika pa nthawi n'kungowerenga masiku amene analonjeza ndi amene atengadi.

Amene wapeza 1 pa kukhulupirika ndimamuchotsa, ngakhale malikisi ake onse atakwera bwanji, chifukwa mpamba ungapite wonse ulendo umodzi. Awiri akasiyana ndi malikisi 2 kapena 3 okha, tebulo silinagamule, odaninso pang'ono kwa onse awiri. Apa ndingatenge wachiwiri, koma wachitatu osamutaya: muzimugulako pang'ono kuti tsiku limene wachiwiri katundu wamuthera mukhale ndi kolowera. Oda iliyonse ikafika, konzaninso malikisiwo tsiku lomwelo mukutsegula makatoni.