Musawafunse kuti akudziwa ndani, alembereni uthenga woti angotumiza

"Ndimapenta nyumba kuno ku Joni, makamaka cha ku Randburg. Mayi ena omwe ndawapentera mpanda ndi khonde andilembera imelo yothokoza kwambiri. Ndikufuna andilumikize ndi anzawo, koma ndikuopa kuoneka ngati wopemphapempha. Ndilembe bwanji kuti asavutike kuvomera?"

Achimwene, ayankheni lero kapena mawa, chimwemwe chawo chisanazizire. Musayambe imelo yatsopano. Dinani Reply pa yomwe akulemberaniyo, kuti mawu awo oyamikira azionekera pansi pa pempho lanu.

Ambirife timalemba kuti, "Ngati mukudziwa aliyense wofuna penti, mumuuze za ine." Mawuwa ndi aulemu, koma taonani katundu amene mwawasenzetsa mayiwo. Aganize za anthu onse omwe amawadziwa, asankhe amene khoma lake latha, apeze mawu okufotokozerani, kenako afufuze nambala yanu. Munthu amene ali pa ntchito, kapena wangofika kunyumba atatopa ndi mdipiti wa magalimoto a pa N1, sangachite zonsezi. Adzayankha kuti "chabwino, ndikumbukira", nkhani nkuthera pomwepo. Mukalandira yankho lotere musaganize kuti sanakondwe nanu. Pempho lanu ndi lomwe linali lotambalala.

Ntchito yonseyo igwireni ndinu. Tchulani munthu mmodzi kapena malo amodzi. Pamene munkapenta muja munaona zinthu: mwina mpanda wa oyandikana nawo ukusuwa penti, mwina mayiwo anatchula gulu la WhatsApp la anthu a mu msewu wawo kapena mu kompuleki yawo. Sankhanipo chimodzi. Kenako lembani nokha uthenga womwe iwo angotumiza, ngati kuti mayiwo ndiwo akulankhula. Mulembe m'chinenero chomwe mumalankhulana nawo, koma mutu wake ndi uwu:

"Zikomo mayi chifukwa cha mawu anu, ndasangalala kuti khonde lakukomerani. Ndili ndi pempho limodzi laling'ono. Munanena kuti a nyumba yoyandikana nanu anafunsa amene wapenta mpanda. Kodi mungawatumizireko uthenga uli m'munsiwu? Musinthe momwe mungafunire. Ngati si nthawi yake, palibe vuto, simukuyeneranso kundiyankha."

Ndiye pansi pake: "Uyu ndi amene wandipentera mpanda ndi khonde mwezi uno. Anamata ming'alu asanapente, anamaliza tsiku lomwe tinagwirizana, ndipo anasiya pamalo poyera. Amabwera kudzaona ntchito ndi kupereka mtengo kwaulere. Nambala yake ndi iyi."

Mu uthenga wachiwiriwu muikemo zokhazo zomwe mayiwo anaona ndi maso awo, makamaka mawu omwe alemba okha mu imelo yawo. Mukadzitcha katswiri woposa onse mu Gauteng, sadzatumiza, chifukwa dzina lomwe likupita kwa mnzawoyo ndi lawo, ndipo sangaliike pa mawu omwe sakanawanena. Za kuona ntchito kwaulere muzilembe pokhapokha ngati mumaterodi. Chithunzi chimodzi cha mpanda womalizidwa chimathandiza, bola mwapempha chilolezo ndipo nambala ya nyumba kapena ya galimoto sikuoneka. Kuno nkhani ya chitetezo anthu saiseweretsa.

Chiganizo chowapatsa mpata wokana chija musachichotse. Munthu akadziwa kuti angathe kukana popanda kuchita manyazi mukadzakumana pa geti, amavomera ndi mtima umodzi.

Chinthu chomwe ndikukuletsani ndi kupempha nambala kapena imelo za anzawo kuti muwalembere nokha. Mayiwo adzazengereza kupereka nambala ya munthu wina asanamufunse, ndipo akulondola. Palinso lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu monga nambala ndi imelo zawo, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Gawo 69 limaletsa kutumiza mauthenga otsatsa malonda pa imelo kapena SMS kwa munthu amene si kasitomala wanu ndipo sanavomereze. Chomwe mumaloledwa ndi kumupempha chilolezo kamodzi kokha. Koma mnzawoyo akalandira uthenga kuchokera kwa mayiwo nkukuimbirani yekha, vuto limeneli palibe, ndipo amakhala atayamba kale kukukhulupirirani.

Za mphoto, monga kuchotsera mtengo pa ntchito yotsatira, ine ndingazisiye mu imelo yoyambayi. Zimasandutsa kukoma mtima kukhala malonda, ndipo ena amakhumudwa nazo. Ntchito ikapezeka, pamenepo thokozani, ngakhale podzawakonzera pena pomwe pagumuka penti osawalipiritsa.

Pakatha sabata imodzi kuli zii, kumbutsani kamodzi ndi mzere umodzi, ndipo mupereke chifukwa chenicheni. Kuno mvula imayamba cha mu Okutobala, choncho mungalembe kuti mukadali ndi masiku opentera panja mvula isanagwe, ngati oyandikana nawo aja akufunabe. Akapanda kuyankha apanso, asiyeni. Mudzawalemberenso mvula ikadutsa, kufunsa ngati mpanda wapirira bwino.