Kabuku kamodzi, mayiko atatu

"Ndili ku Mzuzu, ndikulemba kabuku ka alimi a soya kopitanso ku Chipata ndi ku Tete. Nditsate kalembedwe kati?"

Achimwene, tsatani kalembedwe ka kumene kuli owerenga ambiri, osasakaniza. Ife timalemba "chimanga", ku Zambia "cimanga", koma ndaona alimi a ku Chipata akuwerenga zathuzi osapunthwa.

Mawu ndiye ovuta. "Manje", kutanthauza "tsopano", ndi wa m'tauni ku Lusaka. "Tsopano" amamveka konsekonse. Samalaninso ndalama. K5,000 kuno ndi yapamsika chabe, ku Zambia ndi chuma, choncho lembani MWK pa kwacha ya ku Malawi kapena ZMW pa ya ku Zambia. A ku Tete amawerengera mametikali.

Ngati m'kabukumo muli milingo ya mankhwala opopera, womasulira waluso wa dziko lililonse akawerenge kaye musanasindikize.